Mainivoisi athu akubwerera kuchokera ku Gmail: vuto lili pa SPF kapena DKIM?

*Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani yaing'ono yogulitsa zipangizo za mu ofesi ku Limbe. Imelo yathu ili pa Google Workspace, ndipo tikalemba tokha imafika bwinobwino. Koma mainivoisi omwe pulogalamu ya pa webusaiti yathu imatumiza yokha akubwerera akamapita kwa makasitomala a Gmail. Otisungira webusaiti akuti kwawo zonse zili bwino. Uthenga umene ukubwera ndi mainivoisi obwererawo ndi uwu, ndangosintha dzina la domeni ndi manambala. Tikonze pati?*

```
550-5.7.26 Gmail requires all senders to authenticate with either SPF or DKIM.
550-5.7.26 DKIM = did not pass
550-5.7.26 SPF [example.org] with ip: [203.0.113.25] = did not pass
```

Mayi, mwachita bwino kutumiza uthenga wobwererawo, chifukwa mlandu wonse uli m'mizere itatuyo. Gmail ikunena kuti kompyuta ya adiresi 203.0.113.25 yabwera ndi kalata ya dzina lanu, koma inu eni dzinalo simunalembe paliponse kuti kompyutayo mumaidziwa, ndiponso kalatayo ilibe chidindo chanu. Okusungirani webusaiti mwina sakunama. Seva yawo ikutumizadi, ndiye kwa iwo ntchito ikuyenda. Chomwe chikusowa chili mu DNS ya domeni yanu, kaundula wa pa intaneti momwe maseva amafunsa zokhudza domeniyo, ndipo amene angakonze ndi yemwe ali ndi pasiwedi ya kumeneko.

Ndiyambe ndi chiyambi cha vutoli, kuti zokonzazo musazichite mwakhungu. Njira imene maseva amapatsirana maimelo, yotchedwa SMTP, inalembedwa mu 1982, nthawi imene makompyuta olumikizana anali ochepa ndipo eni ake ankakhulupirirana. Munjira imeneyi mulibe pofunsa kuti wotumiza ndi ndani kwenikweni. Seva iliyonse ikhoza kunena kuti kalata iyi ikuchokera ku banki yakutiyakuti, ndipo SMTP payokha siingatsutse. Akuba ndi otumiza maimelo achinyengo anadyerera pamenepo kwa zaka zambiri. SPF ndi DKIM anabwera pambuyo kudzatseka mpatawo, ndipo onse awiri amadalira chinthu chimodzi: mwini domeni yekha ndiye angalembe mu DNS ya domeniyo. Choncho zimene zalembedwa mmenemo zimatengedwa ngati mawu a mwini.

Kwa nthawi yaitali kalata yopanda umboni umenewu inkangoponyedwa mu bokosi la `Spam`, nthawi zina n'kufika ndithu. Kuyambira Febuluwale 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo. Aliyense wotumiza ku Gmail ayenera kupambana pa SPF kapena pa DKIM, ndipo wotumiza maimelo pafupifupi 5,000 kapena kuposerapo patsiku ayenera kukhala ndi zonse ziwiri pamodzi ndi DMARC, imene ndiifotokoza pansipa. Microsoft nayo inaika lamulo lofanana kwa otumiza maimelo ochuluka ku Outlook ndi Hotmail mu Meyi 2025. N'chifukwa chake maofesi ambiri amene zinthu zinkawayendera kwa zaka popanda kukonza kalikonse anangoona makalata ayamba kubwerera.

Tsopano chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sachidziwa, ndipo popanda icho nkhani yonseyi imasokoneza. Imelo iliyonse ili ndi maadiresi awiri a wotumiza. Ina ndi ya pa envulopu, imene maseva amauzana akamapatsirana kalata, ndipo ndi kumene kalata imabwerera ikakanidwa. Mukatsegula mutu wa imelo mumaiona pa mzere wa `Return-Path`. Inayo ndi ya pa pepala la m'kati, mzere wa `From`, imene kasitomala amaiona pa foni yake. Awiriwa akhoza kufanana, akhozanso kusiyana. SPF imayang'ana envulopu yokha.

SPF ndi mndandanda wa maseva amene mwawalola kutumiza m'dzina lanu. Ili ngati pepala la mayina limene mumapatsa mlonda pa geti. Imakhala mzere umodzi wa mtundu wa TXT mu DNS, ndipo poona mmene zinthu zikukuyenderani, wanu uyenera kuti ukuoneka chonchi:

```
v=spf1 include:_spf.google.com ~all
```

Tiuwerenge monga Gmail imauwerengera, kuchokera kumanzere. Mawu a `v=spf1` akungonena kuti mzere uwu ndi wa SPF. Mawu a `include:_spf.google.com` akuti maseva onse amene Google yawalemba pa mndandanda wake ndi ololedwa. Mawu omaliza akunena za wina aliyense amene sanatchulidwe. Akakhala `-all` ndiye kuti mwini akuti mukaneni. Akakhala `~all` ndiye kuti mwini akuti mumukayikire. Inuyo mukalemba imelo pa kompyuta yanu, imatuluka kudzera pa maseva a Google, adiresi yake imapezeka pa mndandanda, kalata imadutsa. Inivoisi imatulukira pa seva ya webusaiti, 203.0.113.25. Gmail imatenga domeni ya pa envulopu, imene uthenga wanu ukuionetsa kuti ndi example.org, imafunsa DNS, imafufuza nambalayo pa mndandanda wa Google osaipeza, imafika pa `~all`, ndipo SPF yalephera. Kenako imafunafuna siginecha ya DKIM, ndipo seva ya webusaiti sinasaine. Umboni uwiri wonse palibe, ndiye kalata ibwerere.

Anthu ena amaganiza kuti `~all` imawateteza ku kukanidwa chifukwa ndi yofewa. Kwa Gmail ya lero funso ndi lakuti mwapambana kapena ayi, ndipo kukayikiridwa si kupambana.

Musanakhudze kalikonse, onani nokha zomwe zilipo. Pa kompyuta ya Windows tsegulani `cmd` ndi kulemba izi, mukuika domeni yanu yeniyeni:

```
nslookup -type=txt example.org
nslookup -type=ns example.org
```

Lamulo loyamba likuonetsani mzere wa SPF monga mmene dziko likuuonera. Lachiwiri likuuzani kumene DNS yanu ikusungidwa. Limeneli musalidumphe. Nthawi zambiri domeni inagulidwa ku kampani ina, webusaiti ili kwina, ndipo malo onse awiri ali ndi tsamba lolembapo za DNS. Munthu amakonza pa tsamba losagwira ntchito, n'kudikira masiku awiri, osaona kusintha. Mayina amene `ns` yakupatsani ndiwo akuloza malo enieni.

Pali njira ziwiri zokonzera vuto lanu. Yachidule ndi kuwonjezera seva ya webusaiti pa mndandanda:

```
v=spf1 ip4:203.0.113.25 include:_spf.google.com ~all
```

Izi zimagwira ntchito, ndipo mainivoisi akhoza kuyamba kudutsa tsiku lomwelo. Koma funsani kaye ngati seva imeneyo ndi yanu nokha. Makampani aang'ono ambiri amakhala pa seva yogawana, pomwe mawebusaiti mazana amagwiritsa ntchito adiresi imodzi. Mukailemba mu SPF, mwavomereza aliyense wa pa sevayo kutumiza m'dzina lanu, ndipo mbiri ya adiresiyo, yabwino kapena yoipa, mukugawana nawo. Webusaiti ya mnansi wanu ikabedwa n'kuyamba kufalitsa maimelo achinyengo, makalata anu nawonso ayamba kukayikiridwa. Komanso osunga webusaiti akakusamutsirani pa seva ina, nambala imasintha, ndipo vuto limabweranso popanda wokuchenjezani.

Ineyo ndingasankhe njira yachiwiri: pulogalamu ya mainivoisi isamatumize yokha, izipereka makalata kwa Google kuti ndiyo iziwatumiza. Mapulogalamu ambiri ali ndi tsamba la `SMTP settings`. Pamenepo mumalemba `smtp.gmail.com`, poti `587`, ndi akaunti ya pa domeni yanu yomwe mwaipatulira ntchitoyi. Google sivomera pasiwedi wamba pa zimenezi, ndiye mufunika kupanga `App password` pa akauntiyo mutayatsa chitsimikizo cha magawo awiri, kapena kulumikiza pulogalamuyo kudzera pa tsamba lolowera la Google ngati imatha kutero. Mainivoisi akachuluka, woyang'anira Google Workspace yanu akhoza kutsegula `smtp-relay.gmail.com`, yomwe inapangidwira makina ndi mapulogalamu. Ubwino wake ndi wakuti makalata onse a kampani amatulukira khomo limodzi. SPF yomwe muli nayo kale ikukwanira, ndipo DKIM mukaikonza kamodzi yakwanira onse.

Ngati mungasankhe kusintha mzere wa SPF, pali misampha iwiri imene imagwetsa anthu kuposa ina yonse. Woyamba ndi kukhala ndi mizere iwiri. Domeni imodzi iyenera kukhala ndi mzere umodzi wokha woyamba ndi `v=spf1`. Ndinaitanidwapo pa ofesi ina imene makalata awo onse, ngakhale a bwana, anayamba kukanidwa Lolemba m'mawa. Lachisanu lapitalo anali atalembetsa ku kampani yotumiza makalata a nkhani, ndipo malangizo anati aike mzere wa SPF. Mnyamata woyang'anira makompyuta anadina batani lowonjezera, n'kuika mzere watsopano pansi pa wakale. Mzere uliwonse paokha unali wolondola. Koma seva yolandira ikapeza iwiri, siisankha umodzi kapena kuiphatikiza, imangopereka `permerror`, ndipo SPF yonse yafa. Tinatenga `include` ya mzere watsopano, kuilowetsa mu wakale, kufufuta winawo, ndipo pofika masana makalata anali akuyenda.

Msampha wachiwiri ndi malire a mafunso 10. Seva yolandira ikamawerenga SPF yanu imaloledwa kufunsa DNS kosapitirira ka 10. Mawu a `include`, `a`, `mx`, `ptr`, `exists` ndi `redirect` aliyense amadya funso, ndipo `include` ikakhala ndi ma `include` ena m'kati mwake, nawonso amawerengedwa. Mawu a `ip4` ndi `ip6` sadya funso. Kampani imene pa zaka zingapo yakhala ikuwonjezera wotumiza makalata a nkhani, wa malipiro, wa madandaulo a makasitomala, osachotsa akale, tsiku lina imadutsa 10 n'kupeza `permerror` yomweyo. Mankhwala ake ndi kuchotsa amene simukuwagwiritsanso ntchito.

SPF ili ndi chofooka chimene simungachikonze ngakhale mutalemba bwino chotani. Tiyerekeze kuti kasitomala wanu ali ndi adiresi ya kuntchito imene anaikonza kuti izipititsa makalata onse ku Gmail yake. Kalata yanu imafika pa seva ya kuntchito kwake, kenako sevayo imaitumiza ku Gmail. Gmail ikuona adiresi ya seva yopititsayo, osati yanu, ndipo ngati envulopu sinasinthidwe, SPF ilephera pomwe inu simunalakwe. Apa ndiye pamene DKIM imaonetsa phindu lake.

DKIM siyang'ana kumene kalata yachokera. Imayang'ana chidindo cha pa kalatayo. Monga kalata ya kwa amfumu, kaya yabwera ndi mwana, kaya ndi wa kabaza, wolandira amayang'ana chidindo. Pamakhala makiyi awiri opangidwa limodzi. Kiyi wachinsinsi amakhala pa seva yotumiza ndipo satuluka. Kiyi wapoyera mumamuika mu DNS kuti aliyense amuone. Kalata ikamatuluka, seva imawerengera thupi lake lonse ndi mizere ina ya pamutu monga `From`, `Subject` ndi `Date`, n'kupanga siginecha ndi kiyi wachinsinsi, n'kuimata pamwamba pa kalatayo:

```
DKIM-Signature: v=1; a=rsa-sha256; d=example.org; s=google;
 h=from:to:subject:date; bh=...; b=...
```

Pa zonsezi, gwirani ziwiri. Chilembo cha `d=` ndi domeni imene yasaina. Chilembo cha `s=` ndi dzina la kiyi, popeza domeni imodzi ikhoza kukhala ndi makiyi angapo, wotumiza aliyense wakewake. Wolandira amaphatikiza ziwirizi n'kukafunsa DNS pa `google._domainkey.example.org`, amatenga kiyi wapoyera, n'kuyesa siginecha. Ikagwirizana, ndiye kuti kalatayo inasainidwa ndi wokhala ndi kiyi wa domeniyo, ndipo mbali zosainidwazo sizinasinthidwe m'njira. DKIM sibisa zomwe zalembedwa, aliyense wogwira kalatayo akhoza kuiwerenga. Ntchito yake ndi umboni basi.

Pa Google Workspace, DKIM ya domeni yanu siyaka yokha. Woyang'anira alowe mu `Admin console`, apite ku `Apps`, `Google Workspace`, `Gmail`, kenako `Authenticate email`. Adine `Generate new record`, asankhe kiyi wa mabiti 2048, akopere zimene zatulukazo n'kukaziika mu DNS ngati TXT pa dzina la `google._domainkey`. Akatero abwerere pa tsamba lija n'kudina `Start authentication`. Batani lomalizali ndi limene anthu amaliiwala. Kiyi amakhala mu DNS miyezi, koma Google sinayambe kusaina naye. Mukapanda kuyatsa, Google imasainabe makalata anu, koma ndi domeni yake yothera ndi `gappssmtp.com`. Siginecha yoteroyo imapambana, koma si ya dzina lanu, ndipo muona pansipa chifukwa chake zimenezo zili ndi kanthu.

DKIM ikalephera pomwe munaikonza, kawirikawiri vuto limakhala pa kakoperedwe ka kiyi. Kiyi wa mabiti 2048 ndi wautali kuposa zilembo 255, zomwe ndi malire a chidutswa chimodzi cha TXT. Masamba ambiri a DNS amamudula okha m'zidutswa moyenera, koma ena amangotaya mchira wake, ndipo ena amafuna kuti mumudule nokha, chidutswa chilichonse m'zizindikiro zake za mawu ogwidwa. Cholakwika china ndi cha dzina. Masamba ena amawonjezera okha domeni kumapeto, ndiye mukalemba dzina lonse mumapeza `google._domainkey.example.org.example.org`, kumene palibe adzakafunseko. Mukamaliza, yesani:

```
nslookup -type=txt google._domainkey.example.org
```

Yerekezerani zilembo zomaliza za yankho ndi zomwe Google inakupatsani. Zikasiyana, kiyi waduka.

Chifukwa china cholepherera DKIM ndi kalata kusinthidwa itasainidwa kale. Maofesi ena ali ndi makina amene amamata chenjezo la zamalamulo kapena chithunzi cha kampani pansi pa imelo iliyonse yotuluka. Ngati kumatako kukuchitika siginecha itaikidwa kale, thupi la kalata silikugwirizananso ndi `bh=`, gawo la siginecha loyimira thupilo, ndipo wolandira amalemba `body hash did not verify`. Kusaina kuyenera kukhala komaliza, kalata itavala zonse.

Tsopano DMARC. Simunaifunse, koma ndi imene imamanga ziwirizi pamodzi, ndipo makalata ambiri amene amakanidwa "zonse zili bwino" amakanidwa ndi iyo. Taonani mpata umene watsala. Wakuba akhoza kugula domeni yakeyake, kuikonzera SPF ndi DKIM yolondola, kuilemba pa envulopu, koma pa `From` n'kulemba dzina la kampani yanu, n'kuuza kasitomala wanu kuti nambala ya akaunti ya ku banki yasintha. SPF ipambana, DKIM ipambana, pakuti zonse zikuyesa domeni ya wakubayo. Kasitomala akuona dzina lanu. DMARC imafunsa funso lotsalalo: kodi domeni imene yapambana ndi yomweyo ili pa `From`? Imakhutira ngati chimodzi mwa ziwiri chachitika, SPF yapambana ndipo domeni ya pa envulopu ikugwirizana ndi ya pa `From`, kapena DKIM yapambana ndipo `d=` ikugwirizana ndi ya pa `From`. Chimodzi chokha chikukwanira. Mukapanda kukhwimitsa nokha, domeni yaing'ono monga `malonda.example.org` imatengedwa kuti ikugwirizana ndi `example.org`.

N'chifukwa chake siginecha ya `gappssmtp.com` ija siikuthandizani pa DMARC. N'chimodzimodzinso ndi makampani otumiza makalata m'malo mwanu. Ambiri amaika domeni yawo pa envulopu kuti makalata obwerera azipita kwa iwo, ndiye SPF imapambana m'dzina lawo, osati lanu. Kuwonjezera `include` yawo mu SPF yanu sikusintha kanthu pamenepo, popeza mzere wanu sukufunsidwa n'komwe. Chofunika ndi kuika mu DNS yanu makiyi a DKIM amene akupatsani, kuti azisaina ndi `d=` ya domeni yanu.

DMARC imalembedwa pa dzina la `_dmarc`, ndipo poyambira pake ndi apa:

```
v=DMARC1; p=none; rua=mailto:dmarc@example.org
```

Chilembo cha `p=` chikuuza olandira choti achite ndi kalata yolephera. `none` ndi kungoyang'anira, `quarantine` ndi kuiika pambali, nthawi zambiri mu `Spam`, ndipo `reject` ndi kuikana. Adiresi ya pa `rua=` imalandira malipoti, kawirikawiri kamodzi patsiku, kuchokera kwa olandira akuluakulu monga Google ndi Microsoft, osonyeza seva iliyonse imene yatumiza m'dzina lanu ndi zotsatira zake. Malipotiwo amabwera mu mtundu wa XML wovuta kuwerenga ndi maso, koma pali mapulogalamu owasandutsa matebulo. Mmenemo ndi momwe mumatulukira otumiza amene munawaiwala, monga makina osindikizira amene amatumiza zikalata pa imelo, kapena pulogalamu ya malipiro a antchito.

Ndikupempheni chinthu chimodzi motsindika: musayambe ndi `p=reject`. Pa intaneti pali malangizo ambiri olimbikitsa kuti aliyense aike `reject` pofuna chitetezo, ndipo mathero ake ndi abwino, koma mukaika musanadziwe makomo onse otulukira makalata anu, mwalamula dziko lonse kuti lizikana makalata anu omwe. Uthenga wake ku Gmail umakhala ndi nambala yomweyo ya 5.7.26, koma mawu ake ndi ena:

```
550-5.7.26 Unauthenticated email from example.org is not accepted
550-5.7.26 due to domain's DMARC policy.
```

Mukaona mawu amenewa, Gmail ikungomvera lamulo la mwini domeni. Khalani pa `none` milungu ingapo, kuphatikizapo kutha kwa mwezi pamene mainivoisi ndi malipiro zimatuluka, werengani malipoti, konzani otsala, kenako mukwere ku `quarantine`, pomaliza `reject`.

Popeza muli ndi webusaiti, yang'ananinso fomu imene makasitomala amalembapo mafunso. Mafomu ambiri akale amatenga adiresi ya wolembayo n'kuiika pa `From`, kuti mukadina kuyankha zipite kwa iye. Zotsatira zake, seva yanu ikudzitcha kuti ndi Yahoo kapena kampani ina iliyonse. Yahoo inaika `p=reject` pa domeni yake mu Epulo 2014, ndiye uthenga wa kasitomala wa adiresi ya yahoo.com wodzera pa fomu yotere umakanidwa, ndipo inu simudziwa n'komwe kuti munthu anakulemberani. Wokonza webusaiti aike adiresi ya domeni yanu pa `From`, ndipo ya kasitomala aiike pa `Reply-To`.

Mukamaliza kukonza, musadalire mawu a wina aliyense, ngakhale anga. Tsegulani akaunti ya Gmail wamba, muiike ngati kasitomala woyeserera mu pulogalamu ya mainivoisi, ndipo mutumize inivoisi kuchokera mu pulogalamu momwemo. Kuyesa ndi imelo yolemba pamanja sikukuuzani kanthu, chifukwa njira imeneyo inali yabwino kale. Ikafika, itsegulani pa kompyuta, dinani timadontho titatu ta pakona, musankhe `Show original`. Pamwamba muona SPF, DKIM ndi DMARC, chilichonse ndi zotsatira zake, ndipo pansi pali mzere wonga uwu:

```
Authentication-Results: mx.google.com;
 dkim=pass header.i=@example.org header.s=google;
 spf=pass smtp.mailfrom=invoice@example.org;
 dmarc=pass header.from=example.org
```

Musangowerenga mawu a `pass` atatuwo. Onani domeni imene ili pafupi ndi lililonse. Ngati zonse zikunena domeni yanu, mwamaliza. Ngati `dkim=pass` ili ndi dzina la kampani ina, siginecha ilipo koma si yanu. Ndipo ngati mwayesa mutangosintha DNS n'kupeza zakale, dikirani pang'ono. Maseva amasunga yankho lakale kwa nthawi yolembedwa pa `TTL` ya mzerewo, imene nthawi zambiri ndi masekondi 3600, ola limodzi, ngakhale Google imanena kuti DKIM ikhoza kutenga mpaka maola 48. Kusinthasintha mzere mphindi khumi zilizonse kumangokusokonezani, chifukwa simudziwanso kuti yankho mukulionalo ndi la kusintha kuti.

Zitatuzi zikapambana, kukanidwa kwa 5.7.26 kutha. Sindikulonjezani kuti inivoisi iliyonse idzagwera mu `Inbox`, chifukwa umboni umangotsimikiza kuti kalata ndi yanu, ndipo wolandira amayang'anabe mbiri ya domeni ndi ya seva, komanso kuchuluka kwa anthu amene amadina kuti makalata anu ndi osafunika. Google imafuna kuti madandaulo oterewa asafike 0.3 peresenti. Mukasankha njira yachidule ija yosiya seva ya webusaiti ikutumiza yokha, pali chinanso choti mufunse okusungirani: adiresi ya sevayo iyenera kukhala ndi rekodi ya `PTR` yoloza ku dzina lomwe nalonso limabwerera ku adiresi yomweyo, apo ayi Gmail ikana ndi nambala ina, 5.7.25. Rekodi imeneyo si inu amene mumailemba, amailemba ndi eni adiresi.

Mainivoisi amene anabwerera kale muwatumizenso nokha. Nambala ya uthenga wobwerera imene imayamba ndi 4, monga 421, imatanthauza kuti seva iyesenso pambuyo pake, ndipo imayesadi yokha. Yanuyi ndi 550, kukana kotheratu, ndiye makalatawo sali pamzere kwina kulikonse kudikira. Tengani mauthenga onse obwerera, mulembe makasitomala ake, ndipo inivoisi yoyeserera ija ikadutsa ndi domeni yanu pa mizere yonse itatu, muwatumizire kachiwiri.